Ndemanga yodzudzula buku yasanduka yoyamikira nditaimasulira m'Chingerezi

Tadala
Akuluakulu, ndithandizeni maganizo. Aphunzitsi anga kuno ku China anandipatsa ntchito yomasulira ndemanga ya buku kuchoka m'Chitchaina kupita m'Chingerezi, kuti ikatuluke m'magazini ina ya akatswiri a mbiri yakale. Bukulo likukamba za malonda a m'madoko a China chakumapeto kwa ufumu wa Qing, ndipo mlembi wake anadalira kwambiri malipoti a ofesi ya kasitomu ya nthawiyo. Ndemangayo ndi ya masamba asanu ndi limodzi. Tsamba loyamba ndi loyamikira, asanu otsalawo ndi odzudzula okhaokha.

Ndagwira milungu iwiri, ndatumiza. Dzulo mkonzi wayankha kuti Chingerezi chili bwino, n'kuwonjezera kuti wasangalala kuona ndemanga yolandira bukuli ndi manja awiri. Mtima wanga unangoti myuu. Aliyense wowerenga ya Chitchaina ija akuona kuti bukulo alisasantha. Palibe liwu lomwe ndadumpha, ndayerekeza kawiri konse. Nanga mphamvu yathera pati?

Gondwe
Pepani ndi zimenezi, a Tadala. Tiikireni chiganizo cha pamene kuyamikira kukuthera ndi kudzudzula kukuyambira, Chitchaina chake ndi momwe inu mwachilembera. Nthenda yotere imakonda kuonekera pamenepo.

Tadala
Nachi, bambo Gondwe:

作者用力甚勤,搜罗材料颇为丰富,但第三章的结论似乎还值得商榷。

Ine ndinalemba kuti: "The author has worked very diligently and gathered quite rich materials, but the conclusion of chapter three seems still worth discussing."

Gondwe
Ndi pomwepo. Liwu lililonse mwalipatsa mnzake wa m'dikishonale, koma chimene munthuyo akuchita ndi mawuwo chatsala m'Chitchaina.

Tiyambire kumapeto, pa 值得商榷, zhide shangque. Mukawaphwanya, zoona, akunena kuti nkhaniyi ndi yoyenera kukambirana. Koma pakati pa akatswiri a ku China, shangque si kucheza. Mukatsegula magazini ngati Lishi yanjiu n'kupeza nkhani yomwe pansi pa mutu wake alemba kuti "yu wakutiwakuti xiansheng shangque", kunena kuti kukambirana ndi bambo wakutiwakuti, musayembekezere kuti anthu awiri akhala pamkeka kugawana nzeru. Wolembayo akulengeza kuti mnzakeyo walakwitsa ndipo akufuna kusonyeza pomwe walakwitsira. Ndiye munthu akati mfundo yotsiriza ya mutu wachitatu ndi zhide shangque, akuti iye sakuivomereza.

Tsono taonani zomwe "worth discussing" imachita m'khutu la wowerenga Chingerezi. Kwa iye chinthu choyenera kukambirana ndi chinthu chonona, choti ungapite nacho m'kalasi ophunzira n'kuthera nacho ola lathunthu. Ndi chiyamikiro. Mkonzi wanu sanalakwitse kuwerenga, wawerenga zomwe zili papepala. Ine pamenepo ndikanalemba "is open to question", kapena "is questionable" ngati ndime zotsatira zikumenya kwambiri.

Chinanso ndi theka loyamba la chiganizocho. Yongli shen qin, wagwira ntchito molimbika zedi. Wasonkhanitsa zolemba zambiri. Taonani zimene sanayamikire: sananene kuti mlembiyo waganiza bwino, kapena kuti wapeza chatsopano. Zili ngati wakuonetsa munda wake, iwe n'kuyamikira kukula kwa mundawo ndi thukuta lomwe wakhetsa, osatchulako za chimanga. Mwini munda amamva. Apa musawonjezere kanthu, komanso musakometsere. Mawu ngati "impressive" asalowemo, chifukwa mwini ndemanga sanawapereke.

Chifundo
Ine ndikuona ngati tikuzungulira. Ndamasulirapo zaka zitatu pakampani ina ya zomangamanga, ndipo ndinaphunzira kuti bwana wa Chitchaina akati "tiganizirenso", ndiye kuti wakana basi. Ndinkangouza anyamata kuti wakana, ntchito n'kuyenda. Achemwali, chotsani ma sihu onsewo, liwu lija mwalimasulira kuti "seems", lembani kuti "the conclusion is wrong". Azungu sapita m'mbali, amafuna kumva chilungamo. Mukanyengerera mudzabwezedwanso kachiwiri.

Mayi Nkhoma
Chitchaina sindichidziwa, koma ndakonza zolemba za akatswiri m'Chingerezi kwa zaka zambiri, ndiye ndiyankhepo pa za a Chifundo. Zoti olemba Chingerezi sapita m'mbali si zoona m'ndemanga za mabuku. Nawonso ali ndi ulemu wawo, kungoti amauika pena. Katswiri akalemba kuti mfundo ina ndi "not entirely convincing", anzake amamva kuti waikana. Akalemba "unconvincing" ndiye kuti wakwiya ndithu. Liwu loti "wrong" amalisungira zinthu zoti munthu angathe kuloza ndi chala, monga chaka kapena dzina, osati mfundo yoti anthu angasiyane maganizo.

Ndipo musaiwale kuti pansi pa ndemangayo padzakhala dzina la mwini wake, osati lanu, a Tadala. Mlembi wa bukulo adzaiwerenga. Anthu awiriwa mwina amakumana m'misonkhano chaka ndi chaka. Mukamuika m'kamwa mawu amene iye anawapewa dala, mwamuyambanitsa ndi mnzake pa chinthu chomwe sananene. Kufewetsa ndi kulakwa, kukokomeza nakonso ndi kulakwa komweko.

Chifundo
Ndamva, mayi. Koma ngati sihu ndi ulemu chabe, n'kumusungiranji? Mkonzi wasokonezeka chifukwa cha ulemu womwewo.

Gondwe
A Chifundo akhoza theka. Ma sihu ena ndi ulemu chabe, ndipo akawunjikana m'Chingerezi amamveka ngati munthu wosadzidalira. Koma ena ndi kukayika kwenikweni, ndipo mukawachotsa mwamunamizira munthu kuti akudziwa zomwe iye akungoganizira. Vuto n'lakuti papepala amaoneka chimodzimodzi, 似乎 yemweyo.

Njira yomwe imandithandiza ine ndi iyi. Sindikizani ndemangayo, tengani cholembera, zungulizani paliponse pali mawu ofewetsa monga sihu, kongpa, kapena weibi. Kenako pa lililonse dzifunseni funso limodzi: pambuyo pake pakubwera chiyani? Ngati wanena kuti "zikuoneka ngati pali vuto" kenako n'kutaya ndime zitatu akuwerenga masamba a bukulo ndi kutchula malipoti otsutsana nalo, munthuyu sakukayika. Wagogoda pakhomo asanalowe, koma walowa ndithu. Pamenepo Chingerezi chikhoza kuima popanda "seems", chifukwa "open to question" yanyamula kale ulemuwo. Kuika ziwiri pamodzi n'kufewetsa kawiri chinthu chomwe mwini wake anachifewetsa kamodzi. Koma ngati wanena sihu n'kudutsa osapereka umboni uliwonse, msungireni "seems" wakeyo, chifukwa ndi pomwe chidziwitso chake chathera.

Kongpa samalani naye. M'dikishonale muli mantha, koma m'ndemanga nthawi zambiri amalimbitsa m'malo mofewetsa. Kongpa nanyi chengli, kunena kuti mfundoyo n'kovuta kuti iime, ndi chigamulo cholemera. "I fear" wa Chingerezi chakale amafanana naye, koma "perhaps" amamupha.

Tadala
Ndachita zimenezo usiku uno. Sihu alipo 14. Khumi akutsatiridwa ndi umboni, ena mpaka tsamba lathunthu. Anayi okha ndi omwe ali okhaokha, ndipo onse anayiwo ali pomwe akuganizira chifukwa chimene mlembi anasiyira zolemba za Chijapani. N'zomveka, pamenepo sangalowe m'mutu mwa mnzake. Ine onse 14 ndinawapatsa "seems".

Koma ndapezanso china chomwe chandichititsa mantha. Wolemba ndemanga akamanena za iye mwini amati 笔者, bizhe. Akamanena za mwini buku amati 作者, zuozhe. Ine onse awiri ndinawalemba "the author". Pali chiganizo ichi: 对此笔者不敢苟同. Ndinalemba "the author dares not agree with this".

Mayi Nkhoma
Ndikanakhala mkonzi wanu ndikanamva kuti mwini buku ndiye akukana mfundo ya munthu wina, mwamantha. Sindikanadziwa n'komwe kuti apa ndi pomwe awiriwa akusemphana.

Gondwe
Ichi mwina ndiye chachikulu kuposa shangque uja. Ndemanga ili ndi anthu awiri, wina akuyankhula, wina akuweruzidwa, ndipo inu munawaveka malaya amodzi. Bizhe mlembeni "I". Magazini zambiri za mbiri yakale zimalola, ndipo ikakana pali "this reviewer". Zuozhe yekha ndiye "the author", kapena mungomutchula ndi dzina la bambo ake.

Bu gan goutong, mawu aja mwawalemba kuti "dares not agree", nayenso si mantha. Gou ndi kuchita chinthu mwachisawawa, ndiye munthuyo akuti sangavomereze mwachisawawa pofuna kungosangalatsa wina. Ndi kukana kolimba kovala jekete. "I cannot agree" yakwana.

Poti mwafika pamenepa, onaninso ziganizo zopanda mwini. Chitchaina chimalola kusiya wochita ntchito akadziwika kale, ndipo womasulira akatopa amathawira ku "it is said" kapena "it is considered". Ndime yomwe wolemba ndemanga akungofotokoza maganizo a bukulo kuti awagwetse pambuyo pake imasanduka ngati maganizo ake. Pa chiganizo chilichonse cha m'ndime zotere dziwani kuti akulankhula ndani, ndipo musaope kubwereza "the author argues" ngakhale m'Chitchaina mwangonenedwa kamodzi pamwamba.

Yamikani
Ine funso langa ndi lina. Kodi munthuyu sakubisa mawu chifukwa choopa boma? Timamva kuti kumeneko sulemba zilizonse. Ngati ndi choncho bwenzi mukumuthandiza pomulembera momasuka m'Chingerezi, poti ituluka kunja.

Tadala
Ayi achimwene, pano si za boma. Nkhani yake ndi ya mitengo ya katundu ndi ziwerengero za m'madoko zaka zoposa zana zapitazo. Ndipo sakubisa kanthu, wowerenga Chitchaina aliyense akumva bwinobwino kuti akudzudzula. Ndi kalankhulidwe ka akatswiri akamatsutsana, monga momwe mkulu pabwalo amayambira ndi "mawu anu ndawamva ndipo ndi omveka" asanawagwetse. Palibe amene amapita kwawo akuganiza kuti wagwirizana nawo.

Yamikani
Chabwino, ndamva. Komabe ine ndikanalemba kandime koyambirira kouza owerenga kuti ndemangayi ndi yodzudzula, kuti asasokonezeke.

Mayi Nkhoma
Mkonzi angakachotse kandimeko. Ndemanga ikafuna chikwangwani chouza anthu kuti ikudzudzula ndiye kuti kumasulirako sikunagwire.

Gondwe
Pali chinthu china chomwe ndikufuna muchite musanayambe kukonza chiganizo chimodzichimodzi, a Tadala. Munthu wolemba masamba asanu odzudzula sadzudzula ndi mphamvu yofanana ponseponse. Ali ndi makwerero ake. Pansi pali mawu ngati 略显, lüexian, kuti chinthu chaperewera pang'ono. Pakati pali zhide shangque uja. Pamwamba pake pali 难以令人信服, kuti n'zovuta kuti munthu akhulupirire. Pansonga penipeni pali 硬伤, yingshang, bala louma, kutanthauza cholakwika choti palibe kukambirana: chaka cholakwika, dzina losokonezedwa, mawu owerengedwa molakwa. Katswiri wa mbiri yakale akauzidwa kuti buku lake lili ndi yingshang, zimamuwawa kuposa kumutsutsa mfundo, chifukwa zikukhudza luso lake lenileni.

Lembani mawu onsewa papepala limodzi motsatana, kuyambira lofewa mpaka lolemera, ndipo pambali pake muike Chingerezi chomwe mwasankha. Mukawerenga mbali ya Chingereziyo yokha, makwerero aja akhalepobe. Zomwe zimachitika kawirikawiri n'zakuti womasulira amathira "somewhat" ndi "problematic" paliponse, makwerero n'kusanduka bwalo losalala. Wowerenga satha kudziwa kuti dandaulo lalikulu ndi liti.

Tadala
Yingshang alipo kawiri. Ndinalemba "flaws". Ndipo lüexian ndinamupatsanso "flawed" pena pake. Ndiye chopepuka ndi cholemera zinafanana.

Poyamba akuti 此类硬伤不在少数. Pano ndasintha kuti "errors of fact of this kind are not few". Chitsanzo chomwe akupereka ndi chaka: chikalata china chili ndi chaka cha 21 cha ufumu wa Guangxu, mlembi wa buku walemba 1896, wolemba ndemanga akuti ndi 1895.

Mayi Nkhoma
"Not few" m'Chingerezi ikutsimphina. "Are numerous" kapena "are by no means rare". Yachiwiriyo ikusunga kakhotedwe ka mwini wake.

Limbani
Ndilowereko pa chakacho, chifukwa ndi zomwe ndimachita tsiku ndi tsiku. Chaka choyamba cha Guangxu ndi 1875. Anthu ambiri amaphatikiza 1875 ndi 21 n'kupeza 1896, kuiwala kuti 1875 ndi chaka choyamba kale, ndiye cha 21 ndi 1895, chaka cha pangano la Shimonoseki lomwe linathetsa nkhondo ya China ndi Japan. Mpaka apa wolemba ndemanga akhoza.

Koma achemwali, chikalatacho chili ndi mwezi? Kalendala yawo yakale inkayendera mwezi, ndipo chaka cha 21 cha Guangxu chinayamba kumapeto kwa Januwale 1895 n'kutha mu Febuluwale 1896. Ngati chikalatacho ndi cha mwezi wa 12, ndiye kuti chinalembedwadi mu 1896, ndipo mwini buku sanalakwe. Taonani m'bukumo.

Tadala
Ndapita kulaibulale masana ano. Achimwene Limbani, ndi mwezi wa 12.

Tsopano ndichite bwanji? Chitsanzo chake choyamba cha yingshang, iye ndiye wolakwa.

Chifundo
Chotsani chiganizocho mwakachetechete. Mwamupulumutsa ku manyazi, ndipo zitsanzo zina zilipo.

Gondwe
Ayi, musachichotse mwa inu nokha, ndipo musachikonze. Ndemangayo inatuluka kale m'Chitchaina, wina adzayerekeza ziwirizo n'kupeza kuti Chingerezi chabisa kanthu. Komanso chitsanzocho ndi gawo la mlandu womwe iye akumanga, ndiye kuchichotsa n'kusintha kulemera kwa mlanduwo. Mwini wake ali moyo. Mlembereni kudzera mwa aphunzitsi anu, mumuonetse tsamba la bukulo ndi mweziwo, asankhe yekha: kuchichotsa, kuika chitsanzo china, kapena kuchisiya. Akachisiya, uzani mkonzi, ndipo mkonziyo ndiye aone ngati pafunika mawu a m'munsi a womasulira.

A Limbani atithandiza poonetsanso ngozi ina. Omasulira ambiri amakonda kusandutsa zaka za mafumu kukhala zaka zathu kuti wowerenga asavutike. M'nkhani wamba palibe vuto. Koma pamene mkangano uli pa kusandutsa komweko, siyani "the twenty-first year of Guangxu" momwe alili, apo ayi chiganizo chidzati 1895 si 1896, popanda choonetsa kuti kusemphanako kwachokera pati.

Tadala
Ndawalembera aphunzitsi. Koma mawu anu omalizawo andikumbutsa yingshang wachiwiri, ndipo ndikuona kuti ndachita chomwecho.

Malipoti a kasitomu aja ankalembedwa m'Chingerezi, poti ofesiyo inkayendetsedwa ndi azungu, mkulu wake Robert Hart kuyambira 1863. Mlembi wa buku anamasulira ndime ina m'Chitchaina, n'kunena kuti katundu wolowa padoko lina anali 为数不多, wochepa. Wolemba ndemanga wakopera Chitchaina cha mlembiyo, n'kungoti 与原文有出入, sizikugwirizana ndi zolembedwa zoyambirira. Ife kusukulu anatiphunzitsa kuti mawu ochokera m'Chingerezi usamawamasulirenso, kafufuze oyambirirawo. Ndinakafufuza, ndinawapeza, lipotilo likuti "not inconsiderable". Ndinaika amenewo m'malo mwa Chitchaina cha mlembi, kenako n'kulemba kuti "this differs somewhat from the original".

Limbani
Ndiye mwamukonzera mlembi cholakwika chake. Lipoti likuti katunduyo sanali wochepa, iye anamva kuti wochepa, ndipo ndikukhulupirira kuti mutu wachitatu uja waima pa mfundo yoti malonda ankatsika.

Tadala
Ndi momwemo. Mutu wonsewo.

Gondwe
Lamulo lomwe anakuphunzitsani ndi labwino, koma apa limatembenuka. Umboni wa wolemba ndemanga ndi Chitchaina cholakwikacho. Muyenera kuchimasulira momwe chilili, "few in number", kuti wowerenga aone zomwe mlembi ananena, kenako mawu enieni a lipotilo aoneke pambali pake. Poti wolemba ndemanga sanawaike, inu aikeni m'mawu a m'munsi, mosonyeza kuti ndi womasulira wawonjezera. Ndipo "somewhat" achoke. Mawu a Chitchaina aja, you churu, sakunena kukula kwa kusiyanako, ndi inu munakuchepetsa. "Does not match the original" yakwana, mawu awiriwo akaima moyandikana adzilankhulira okha.

Mwina munamvapo za Chang Kaishen. Mu 2008 kunatuluka buku lina la mbiri yakale ku China lomwe mlembi wake anapeza dzina loti Chiang Kai-shek m'zolemba za azungu, osazindikira kuti ndi Jiang Jieshi, mtsogoleri wakale wa China yemwe mwana aliyense wa sukulu kumeneko amamudziwa, n'kumupangira zilembo zatsopano, 常凯申, zowerengedwa kuti Chang Kaishen. Chaka chotsatira nkhaniyo inawanda dziko lonse. Tangoganizani mukumasulira ndemanga yoloza cholakwika chimenechi, inu n'kuzindikira kuti munthuyo ndi Chiang Kai-shek, n'kulemba choncho. Ndemanga yonse yagwa. Muyenera kulemba Chang Kaishen, zilembo zake pambali, kuti chilemacho chioneke.

Chifundo
Apa ndiye ndagonja, sindikanaziona. Koma pa chaka chija ndikuonabe kuti kumulembera munthu wamkulu kuti walakwitsa kukhoza kumuika Tadala pamoto.

Mayi Nkhoma
N'chifukwa chake a Gondwe ati adzere mwa aphunzitsi. Ndipo si kumuuza kuti walakwitsa, ndi kumufunsa momwe akufuna kuti tsikulo lilembedwe m'Chingerezi poti mwezi wake wagwera mu 1896. Adzaona yekha.

Tadala
Latsala limodzi lomwe likundisowetsa tulo: ndime yomaliza. Atatha masamba asanu aja akutseka ndi 瑕不掩瑜, xia bu yan yu, kuti kachilema ka mwala wamtengo wapatali sikaphimba kuwala kwake, ndipo akuti bukulo ndi lothandizabe kwa ofufuza. Ine ndinalemba "these flaws cannot obscure the brilliance of the work". Ndikuganiza kuti mkonzi anatengera pamenepa zoti walilandira ndi manja awiri.

Gondwe
"Brilliance" ndi wanu, mchotseni. Mawuwa ndi akalekale, ali m'buku la miyambo la Liji, ndipo kumeneko amapitiriza kuti kuwalako nakonso sikuphimba chilema. Koma lero asanduka chitseko chotsekera ndemanga. Amawalemba woyamikira, amawalembanso wodzudzula. Maganizo anga ndi akuti muwapepuse mpaka afanane ndi chitseko cha Chingerezi, monga "these problems notwithstanding, the book remains a useful resource". Mwala uja musautenge. Ukalowa m'Chingerezi umaoneka wachilendo, wowerenga amaima n'kuuyang'anitsitsa, ndipo umalemera kuposa momwe unkalemerera kwawo.

Mayi Nkhoma
Apa ndisiyana nanu pang'ono, a Gondwe. Zochotsa mwala ndagwirizana nazo. Koma "useful resource" kumapeto kwa ndemanga ya Chingerezi ndi mawu ozizira kwambiri, akatswiri amawamva ngati akuti bukulo ndi nkhokwe chabe yoti ena akatapemo. Munthuyu wanena kuti zabwino zaposa zoipa. Kaya ndi mwambo, wanena ndithu, ndipo anali ndi ufulu wosanena. Ife ndife yani kuti tigamule kuti sanatanthauze? Ine ndikanalemba kuti "its faults do not outweigh its merits", masamba asanu aja adzayankha okha ngati akonzedwa bwino.

Gondwe
Mfundo yanu ndi yolemera, mayi. Chomwe chikundikayikitsa n'chakuti "do not outweigh" ndi chigamulo cha munthu amene waika zinthu pasikelo, pomwe wowerenga Chitchaina pa xia bu yan yu samva sikelo, amamva kutsanzikana. Ndiye wowerenga Chingerezi atuluka ndi chithunzi chosiyana ndi cha mnzake. Koma ndikuvomera kuti yanga ija ikhoza kuzizira mopitirira.

A Tadala, taonani ngati ndime yomalizayo ikutchula chabwino chenicheni, chokhala ndi dzina. Ngati akuti mutu wakutiwakuti watsegula njira yatsopano, a Nkhoma akhoza. Ngati akungobwereza za khama ndi kuchuluka kwa zolemba, ine ndiima pomwe ndaima.

Tadala
Akutchula chimodzi: matebulo a ziwerengero omwe ali kumapeto kwa buku, akuti palibe anawasonkhanitsapo chonchi. Za mfundo za bukulo sakutchulako.

Limbani
Ndiye nonse awiri mwapezapo pogwira. Kwa ife ofufuza matebulo otere si chinthu chaching'ono, buku limatha kukhala ndi moyo zaka zambiri chifukwa cha iwo okha. Koma n'zoonanso kuti wayamikira nkhokwe, osati wolima.

Mayi Nkhoma
Ine sindinasunthe. Koma poti mukumulembera kale za chaka chija, muikireni ziganizo ziwirizo asankhe, ngati Chingerezi amachimva.

Gondwe
Muikireni, koma dziwani kuti ambiri akaona mawu awo m'Chingerezi amasankha ofewa, chifukwa chilankhulo chachilendo chimamveka chaukali kuposa chako. Akafuna kufewetsa ndime yomaliza, ndi ufulu wake. Akafuna kubwezeretsa "worth discussing", mufotokozereni momwe mkonzi anamvera.

Tadala
Aphunzitsi ayankha m'mawa uno. Mwini ndemanga wavomera za mwezi wa 12, wachotsa chitsanzocho n'kuika china cha dzina la doko lomwe mlembi analisokoneza ndi linzake. Mawu a m'munsi a "not inconsiderable" wawalola, ati akanawaika yekha. "Open to question" wailandira. "Seems" watsala malo anayi aja basi. Pa ndime yomaliza sanasankhe, wangoti womasulira aone. Ndatumiza kwa mkonzi ndi chiganizo cha mayi Nkhoma, koma matebulo ndawatchula pompo pambuyo pake kuti zioneke kuti zabwino zomwe akunenazo ndi ziti. Cha bambo Gondwe ndachiika m'kalata ngati njira yachiwiri.

Funso lina laling'ono: mwini buku akumutchula ndi dzina lake kenako 先生, xiansheng, ndipo ine ndinalemba "Mr." Ndisiye?

Gondwe
Musasiye. Pakati pa akatswiri xiansheng ndi ulemu waukulu, amaupereka ngakhale kwa amayi ophunzira kwambiri. "Mr." pa pulofesa m'ndemanga yodzudzula amamveka ngati mukumuvula udindo. Koyamba lembani dzina lake lonse, kenako la bambo ake lokha, monga zimakhalira m'ndemanga za Chingerezi. Muuzeni mkonzi lero lomwe, asanayambe kusanja masamba.